Vidiyo ya Chichewa, chikwangwani cha Chingerezi: chimene chimasocheretsa ntchito yanu pa YouTube

Aliyense amene anaponyapo vidiyo pa YouTube amalidziwa tsamba limene limabwera vidiyo ikamakwera. Pamwamba pali polemba mutu, pansi pake polemba mawu ofotokozera, kenako posankha kachithunzi kapachikuto. Ambiri amalekera pomwepo. Bandulo ikutha, netiweki ikudukaduka, ndiye munthu amangodina `Next` mpaka vidiyo itatuluka. Koma m'munsi mwa tsambalo muli mawu ang'onoang'ono akuti `Show more`, ndipo kuseri kwake kwabisala mafunso awiri amene nkhani ino yadzera: vidiyoyi ili m'chilankhulo chanji, nanga ndi ya gulu liti?

Mafunsowa amaoneka ngati a pafomu ya ku ofesi, oyankha mongotaya. Ena sawayankha n'komwe. Ena amawayankha mwadala molakwika, poganiza kuti akalemba kuti vidiyo yawo ndi ya Chingerezi ndiye kuti ifika ku Amereka ndi ku Ulaya kumene kuli anthu ambiri ndi ndalama zambiri. Maganizo amenewa afala ndithu pakati pa achinyamata amene akuyamba matchanelo, ndipo amawawonongera ntchito yabwino imene anaikhetsera thukuta. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe taona kumene anthu oonera vidiyo amachokera.

Oonera ambiri safika pa vidiyo chifukwa choifunafuna. Amatsegula YouTube, n'kupeza mavidiyo atandandalikidwa kale patsamba loyamba. Akamaliza imodzi, ina yawadikira pambali kapena pansi. Mu 2018 Neal Mohan, amene panthawiyo ankayang'anira za kapangidwe ka YouTube ndipo pano ndi mkulu wa kampaniyo, ananena kuti nthawi yoposa magawo 70 pa 100 alionse imene anthu amathera pa YouTube imathera pa mavidiyo amene makina awasankhira. Ndipo makinawo ali ndi ntchito yaikulu, chifukwa pofika 2019 anthu ankaponya mavidiyo otalika maola 500 pa mphindi iliyonse. Palibe munthu amene amakhala pansi kuonera zonsezi n'kumagawa kuti iyi ipite kwa uje. Ndi makina okhaokha, ndipo makina amayendera zizindikiro.

Mmene makinawo amasankhira

Mu 2016 akatswiri atatu a ku Google, Paul Covington, Jay Adams ndi Emre Sargin, analemba pepala lofotokoza mmene ntchito yosankhayi imayendera. Zambiri zasintha chiyambire chaka chimenecho, koma mafupa ake a nkhaniyo ndi othandizabe. Anati kusankhaku kumachitika pawiri. Poyamba, makina amatenga mavidiyo mamiliyoni ambirimbiri n'kupatulapo mazana ochepa amene angamukomere munthu amene watsegula foniyo, potengera zimene anaonerapo kale, zimene anafufuzapo, ndi dera limene ali. Kachiwiri, mazana aja amawaika pamzere, kuyambira imene munthuyo angaionere nthawi yaitali kufikira imene angaithawe msanga. Zimene zimafika pamaso panu ndi zakutsogolo kwa mzerewo.

Pa chithunzi chimene akatswiriwo anajambula chosonyeza zimene zimalowa m'gawo lachiwirili, pali zinthu ziwiri zoikidwa moyandikana: chilankhulo cha woonera ndi chilankhulo cha vidiyo. Makina amaziyerekeza ziwirizi. Palinso chinthu china chimene anachitchula: chiwerengero cha maulendo amene vidiyo yaonetsedwa kale kwa munthuyo. Ngati anaiona pamndandanda koma sanaidine, ulendo wotsatira imatsitsidwa. Choncho kudumphidwa si chinthu chopanda kanthu. Kumalembedwa.

Muyeso waukulu ndi nthawi. Kuyambira 2012 YouTube inasiya kudalira kwambiri chiwerengero cha anthu odina n'kuyamba kuyang'ana kutalika kwa nthawi imene munthu wakhala akuonera. Pambuyo pake anawonjezera zina, monga mafunso amene nthawi zina amafunsa oonera kuti vidiyo yawakomera bwanji, kugawana, kukonda ndi kusakonda, komanso batani la `Not interested`. Zonsezi ndi zochita za anthu, osati zolemba za mwini vidiyo. Apa ndiye pamene ena amanena kuti, ngati zili choncho, zolemba zanga zilibe ntchito. Makina adzaphunzira okha. N'zoona kwa tchanelo chachikulu chimene chili ndi oonera masauzande okhazikika, chifukwa makina akuwadziwa kale anthu ake. Koma vidiyo yatsopano ya tchanelo chaching'ono ilibe mbiri iliyonse. Palibe amene waionera. Chimene makina ali nacho m'manja pa tsiku loyamba ndi mutu, mawu ofotokozera, mawu amene akumva m'vidiyomo, ndi zimene mwini wake wasankha m'mabokosi aja. Akayamba ndi anthu olakwika, zotsatira zoyamba zimakhala zoipa, ndipo zotsatira zoyambazo ndi zimene zimagamula ngati vidiyo ipatsidwe anthu ena kapena ayi.

Zili ngati minibasi yopita ku Mchinji imene yaika chikwangwani cha Salima. Anthu akwera ndithu, mwinanso idzaza msanga, koma ikangokhotera njira ina onse atsika akudandaula, ndipo a ku Mchinji enieni atsala pa depoti chifukwa anawerenga chikwangwani n'kuidutsa.

Chitsanzo cha manyowa a Mbeya

Tiyerekeze mayi wina wa ku Dedza, mlimi wachitsanzo m'dera lake, amene wajambulidwa ndi mwana wake akuphunzitsa kapangidwe ka manyowa a Mbeya: kusakaniza madeya, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, kuwaza madzi, kumanga m'thumba la pulasitiki losalowa mpweya n'kudikira masabata atatu. Vidiyo ndi ya mphindi 8, yonse m'Chichewa, yomveka bwino. Alimi a ku Ntcheu, Kasungu, Chipata ndi Angonia akanaikonda, makamaka nyengo imene feteleza wakwera mtengo. Mwana uja poiponya waipatsa mutu wa Chingerezi wonena za feteleza wotchipa wopanga pakhomo, pa `Video language` wasankha `English`, ndipo pa `Category` waika `Science & Technology` chifukwa anamva kuti gulu limenelo lili ndi otsatsa malonda olipira bwino.

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, kuti tione mmene zimayendera. Tinene kuti makina aionetsa kwa anthu 1,000. Popeza zizindikiro zonse zikuti ndi vidiyo ya Chingerezi ya zaulimi wa pakhomo, ambiri mwa anthuwo ndi okonda zamadimba a ku India, Philippines, Nigeria ndi Amereka. Mutu ndi wokopa, ndiye anthu 60 adina. Apa mwana uja akhoza kusangalala, chifukwa 6 pa 100 si chiwerengero choipa. YouTube yokha imanena kuti theka la matchanelo ndi mavidiyo onse limapeza pakati pa 2 ndi 10 pa 100. Koma mwa anthu 60 aja, 50 akungomva moni wa mayi uja n'kuzindikira kuti sakumva chilichonse. Atuluka pasanathe masekondi 15. Otsala 10, amene mwamwayi ndi a kwathu kuno, aonera mphindi 6 aliyense. Tikaphatikiza, nthawi yonse ndi mphindi pafupifupi 72, ndipo tikagawira anthu 60, aliyense waonera mphindi imodzi ndi masekondi ochepa pa vidiyo ya mphindi 8.

Makina sadziwa kuti vuto linali chilankhulo. Chimene akuona n'chakuti anthu akudina n'kuthawa, khalidwe limene limafanana ndendende ndi la mavidiyo onyenga, aja a mutu wokoma koma m'kati mopanda kanthu. Ndipo makinawo anapangidwa kuti mavidiyo otere aziwakankhira pansi. Pakutha pa sabata, vidiyo yasiya kuonetsedwa. Mayi uja auzidwa kuti anthu sakonda zaulimi.

Tsopano titembenuze. Vidiyo yomweyo, mutu wa Chichewa: kapangidwe ka manyowa a Mbeya, thumba limodzi la feteleza likwane munda waukulu. Mawu ofotokozera ali m'Chichewa, akutchula madeya, phulusa, chimanga, Dedza. Chilankhulo chalembedwa choona. Mwina makina aionetsa kwa anthu 400 okha, chifukwa olankhula Chichewa pa YouTube ndi ochepa poyerekeza ndi olankhula Chingerezi. Adina 30. Koma 30 amenewa akumva chilichonse, ndipo ambiri aonera mphindi 5 kapena 6, ena abwereza pamene pakutchulidwa miyeso, ena atumiza kwa achibale pa WhatsApp. Nthawi yonse yapitirira mphindi 150, kuwirikiza kawiri ya poyamba ija, kuchokera kwa theka la anthu. Koposa apo, makina aphunzira chinthu chamtengo wapatali: anthu amene amakonda vidiyoyi ndi omwe aja amaoneranso nkhani za ku Malawi, nyimbo za kwaya za Chichewa, masewero a kwathu. Kuyambira pamenepo ayamba kuiika pambali pa mavidiyo amenewo, ndipo vidiyo yotsatira ya tchanelocho iyambira pabwino.

Mfundo imene ndikufuna imveke ndi iyi: gulu laling'ono la anthu oyenera limakweza vidiyo, pamene khamu la anthu osayenera limaimiza. Munthu wosamva Chichewa akadina vidiyo yanu sanakuthandizeni. Wakuchotserani.

Bokosi la chilankhulo

Pa ziwirizi, chilankhulo ndicho cholemera. Mu `YouTube Studio`, pansi pa `Show more`, muli mabokosi awiri osiyana amene anthu amawasokoneza. `Video language` ikufunsa chilankhulo chimene chikulankhulidwa, chimene khutu likumva. `Title and description language` ikufunsa chilankhulo cha mutu ndi mawu ofotokozera, chimene diso likuwerenga. Ngati mukulankhula Chichewa koma mutu mwalemba Chingerezi, mabokosiwa ayenera kusiyana, ndipo palibe cholakwika kunena zoona pa lililonse.

Pofufuza chilankhulo chathu pa mindandanda yotereyi, musayang'ane pa C pokha. Makampani ambiri amatsata mndandanda wa zilankhulo wa dziko lonse, umene umachipatsa chizindikiro cha `ny`, ndipo dzina limene limaoneka kawirikawiri ndi `Nyanja`. Anthu ambiri akalephera kupeza Chichewa amangoganiza kuti palibe, n'kusankha `English`, ena mpaka `Swahili` ati poti n'cha ku Africa konkuno. Mukakumana ndi mndandanda umene ulibe mayina onse awiri, kuli bwino kusiya bokosilo losadzaza kusiyana ndi kuikamo bodza, ndipo chilankhulocho muchionetse poyera m'mutu ndi m'mawu ofotokozera.

Bodzalo lili ndi chotsatira china chimene mungachione ndi maso. YouTube imamvetsera mawu a m'vidiyo n'kulemba yokha mawu oyenda pansi pa chithunzi. Ikauzidwa, kapena ikadziganizira, kuti mukulankhula Chingerezi, imayesetsa kumva Chingerezi m'Chichewa chanu. Imatola mawu a Chingerezi ofanana kamvekedwe ndi zimene mwanena n'kuwalumikiza, ndipo chotuluka ndi ziganizo zopanda mutu, nthawi zina zokhala ndi mawu otukwana kapena a nkhani zimene simunazikhudze n'komwe. Tsegulani vidiyo yanu, dinani `CC`, muone. Zolembazo sizingosokoneza munthu wovutika kumva amene amadalira kuwerenga. Ndi mbali ya zimene zimafotokoza vidiyo yanu, ndipo woonera wa kunja akapempha kuti zimasuliridwe m'chilankhulo chake, zimamasuliridwa kuchokera ku zopanda mutuzo. Mu gawo la `Subtitles` mungathe kuzichotsa n'kuikamo zanu zolemba bwino. Ndi ntchito yotopetsa, koma pa vidiyo yophunzitsa, imene anthu adzaionerabe zaka zikubwerazi, ndi yoyenera kuigwira.

Nanga ife amene timasakaniza? Ndi mmene timalankhulira m'tauni: chiganizo chiyamba m'Chichewa, chidutsa m'Chingerezi, chithera m'Chichewa. Funso lothandiza ndi lakuti, munthu wodziwa chimodzi chokha mwa zilankhulo ziwirizi, ndani angatsatire nkhaniyo mpaka kumapeto? Ngati wa ku London wosadziwa Chichewa angasochere pa mphindi yoyamba, vidiyoyo ndi ya Chichewa, ngakhale mutatchula mawu a Chingerezi makumi angati. Ngati agogo a kumudzi ndiwo angasochere, ndi ya Chingerezi. Ndipo amene akufunadi kufikira anthu a zilankhulo zonse ziwiri ali ndi njira yoongoka: asunge chilankhulo chenicheni m'bokosi, kenako awonjezere mutu, mawu ofotokozera ndi mawu apansi omasuliridwa m'Chingerezi. Akatero, amene foni yake ili m'Chingerezi adzaona mutu wa Chingerezi.

Apa pali kanthu kena kotikhudza ife makamaka, ndipo n'kofunika kukaganizira musanathamangire kumasulira mutu. Mafoni ambiri a olankhula Chichewa ali m'Chingerezi. Mlimi wa ku Ntcheu uja, kwa makina, akuoneka ngati wolankhula Chingerezi wokhala ku Malawi. M'bale wathu wa ku Johannesburg kapena ku Leeds akuoneka ngati wolankhula Chingerezi wokhala kunja. Ndiye kuti bokosi la chilankhulo palokha silingakupezereni anthu anu onse. Chimene chimawaulula ndi zimene amaonera ndi mawu amene amalemba pofufuza. N'chifukwa chake ine ndimalimbikira kuti mutu ukhale ndi mawu a Chichewa enieni, amene munthu angawalembe m'bokosi lofufuzira, ndipo ngakhale mutu womasuliridwa uzinena kuti vidiyoyi ndi ya m'Chichewa. Mutu wotere umagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: umaitana woyenera, ndipo umachenjeza wosayenera asanadine.

Bokosi la gulu

YouTube ili ndi magulu 15 oti musankhepo, monga `Music`, `Comedy`, `Education`, `Sports`, `Gaming`, `News & Politics`, `Howto & Style`, `Entertainment` ndi `People & Blogs`. Lomalizali ndi limene tchanelo chatsopano chimapezeka chili nalo mwini wake akapanda kusankha, n'chifukwa chake mumapezamo zonse: maulaliki, maukwati, maphunziro a masamu a Fomu 4, ndi nyimbo.

Ndinene mosabisa kuti gulu silolemera ngati chilankhulo, ndipo silifika n'komwe pa kulemera kwa zochita za oonera. Amene amakuuzani kuti kusintha gulu kokha kudzakuchulukitsirani oonera kakhumi akukunamizani. Magulu 15 ndi otakata kwambiri moti sangafotokoze vidiyo. Mu `Education` muli mphunzitsi wa masamu, muli wophunzitsa Chifalansa, mulinso mayi wa manyowa uja. Komabe gulu lili ndi ntchito zake zooneka. Magulu ena amatsegula mabokosi owonjezera: mukasankha `Gaming` mumafunsidwa dzina la gemu, ndipo vidiyo imalumikizidwa ndi mavidiyo ena a gemu yomweyo, mukasankha `Education` mumafunsidwa mtundu wa phunzirolo, ngati ndi kufotokoza mfundo, kuonetsa kachitidwe, kapena kuthetsa funso. Amene waika phunziro lake mu `Entertainment` mabokosi amenewa sawaona. Ndipo gulu likamatsutsana ndi mutu komanso zimene zili m'vidiyo, mwaika chizindikiro chimodzi chokokera kwina pa nthawi imene makina alibe zizindikiro zambiri.

Kasankhidwe kake n'kosavuta mukadzifunsa chimene woonera wadzera. Sewero loseketsa lokhala ndi phunziro la za edzi m'kati mwake ndi `Comedy`, chifukwa anthu adzera kuseka. Kwaya ya mpingo ikuimba ndi `Music`, ngakhale uthenga wake ndi wachipembedzo. Kuphika futali kapena kuluka tsitsi ndi `Howto & Style`. Kukambirana za mpira wa Bullets ndi Wanderers ndi `Sports`, osati `News & Politics`, ngakhale mukuwerenga zotsatira ngati nkhani. Mayi wa ku Dedza akhoza kukhala mu `Education` kapena `Howto & Style`. Onse awiri ndi oona, ndipo chofunika n'kusankha limodzi n'kukhala nalo pa mavidiyo onse a mtundu umenewo.

Za ndalama zija, zoti gulu lakuti limalipira bwino, zili ndi kachoonadi kamene kamamvedwa molakwika. Otsatsa malonda amalipira mosiyana potengera anthu amene akuonera, dziko limene ali, ndi nkhani imene ikukambidwa. Mavidiyo a zamakompyuta amapeza zambiri chifukwa cha anthu amene amawaonera, osati chifukwa cha dzina la bokosi. Kulemba `Science & Technology` pa vidiyo ya nthabwala sikusintha amene akuionera.

Funso la ana

Pali bokosi lachitatu limene silitchedwa gulu koma limagawa mavidiyo mwamphamvu kuposa magulu onse aja, ndipo ili ndiye ndimalidandaula kwambiri chifukwa limakola anthu a mtima wabwino. Pa vidiyo iliyonse mumafunsidwa kusankha pakati pa `Yes, it's made for kids` ndi `No, it's not made for kids`. Mbusa, mphunzitsi kapena mlimi amawerenga n'kuganiza kuti, vidiyo yanga ilibe zolaula, ana akhoza kuonera, ndiye ayankha kuti inde. Koma funsolo silikufunsa ngati vidiyo ili yoyera. Likufunsa ngati inapangidwira ana, monga zidole, nyimbo za ku mkaka ndi nthano za ana aang'ono.

Funsoli linabwera chifukwa cha lamulo la ku Amereka loteteza zinsinsi za ana pa intaneti. Mu Seputembala 2019 Google ndi YouTube anavomera kulipira madola 170 miliyoni pa mlandu wotolera zambiri za ana popanda chilolezo cha makolo, ndipo kuyambira Januwale 2020 mavidiyo olembedwa kuti ndi a ana anayamba kusamalidwa mosiyana. Pa vidiyo yotere ndemanga zimatsekedwa, belu lodziwitsa otsatira tchanelo siligwira ntchito, munthu sangaisunge pa mndandanda wake woti adzaonere pambuyo pake, ndipo YouTube imanena yokha kuti vidiyoyo imakonda kuikidwa pambali pa mavidiyo ena a ana. Tangoganizani ulaliki wa maliro kapena phunziro la katemera wa chitopa likuperekedwa kwa ana amene amaonera zidole. Ngati ndemanga pa mavidiyo anu zinatsekeka popanda inu kuzitseka, yambani mwayang'ana bokosi limeneli. Koma amene mavidiyo ake ndi a ana enieni ayenera kuyankha inde. Pamenepo ndi lamulo, si nkhani yosankha chokomera tchanelo.

Mmene mungadziwire kuti zasokonekera

Simufunika kulota. Mu `YouTube Studio`, tsegulani vidiyo imodzi n'kupita pa `Analytics`. Pa `Audience` pali `Top geographies`, mayiko amene oonera anu ali. Vidiyo ya Chichewa iyenera kuonetsa Malawi pamwamba, kenako mayiko monga South Africa, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, mwinanso Britain ndi Amereka kumene kuli abale athu. Mukaona mayiko amene kulibe olankhula Chichewa ambiri ali pamwamba, ndipo nthawi yawo yoonera ndi masekondi ochepa, dziwani kuti chikwangwani chikuitana anthu olakwika.

Kenako onani mzere wosonyeza pamene anthu amasiyira kuonera, pa `Engagement`. Vidiyo iliyonse imataya anthu ena poyambirira, zimenezo n'zachizolowezi. Koma kutsika kwa vidiyo yotopetsa ndi kwapang'onopang'ono, ngati chitunda. Kutsika kwa vuto la chilankhulo ndi phompho: mzere umagwa pa masekondi oyambirira, pomwe mwangotsegula pakamwa, kenako n'kuyenda mowongoka mpaka kumapeto, chifukwa ochepa amene atsalawo akumva ndipo akukondwa. Mzere wa maonekedwe amenewa ukunena kuti vidiyo ndi yabwino koma yaperekedwa kwa eni ake ochepa.

Chachitatu chili pa `Reach`. Pamenepo mupeza njira zimene anthu anafikira pa vidiyo yanu, ndipo mukatsegula `Suggested videos` muona mayina a mavidiyo amene yanu inaikidwa pambali pawo. Ili ndi zenera loonera mmene makina akukuganizirani. Ngati oyandikana nawo ndi mavidiyo a kwathu, kapena a nkhani yofanana ndi yanu, muli pamalo. Ngati ndi zidole za ana kapena mavidiyo a zilankhulo zimene simuzidziwa, pali chimene chalakwika. Tchanelo chikakhala chaching'ono kwambiri zina mwa ziwerengerozi sizioneka, chifukwa YouTube imabisa manambala ochepetsetsa. Zikatero yang'anani za tchanelo chonse pa masiku 90 m'malo mwa vidiyo imodzi.

Zizindikiro zomwezi zimaonekanso pa vuto lina lofanana nalo, lochokera kwa mwini tchanelo yemwe. Ndi lija loponya linki m'magulu a pa WhatsApp ndi Facebook a anthu a mayiko osiyanasiyana ogwirizana kuti undionere nane ndikuonere, kapena kugula oonera. Anthu amenewo amatsegula masekondi pang'ono n'kutseka, ndipo makina amawatenga ngati chitsanzo cha omvera anu. Mwakonza mabokosi onse bwinobwino, koma mwawaphunzitsa makinawo bodza lomwelo ndi dzanja lina. Linki yoyamba ipite kwa anthu amene nkhaniyo ikuwakhudza: gulu la alimi, la mpingo, la ophunzira, ngakhale akhale 20 okha.

Kukonza

Kukonza mavidiyo akale sikufuna kuwachotsa. Pa kompyuta, kapena pa foni mutatsegula `studio.youtube.com` m'bulawuza, pitani pa `Content`, chongani mavidiyo onse ofunika kusintha, dinani `Edit`, ndipo musankhe `Video language`, `Category` kapena `Audience`. Kusinthako kumagwira onse nthawi imodzi. Kuti vutolo lisabwerere, lowani mu `Settings`, kenako `Upload defaults`, kenako `Advanced settings`, muike chilankhulo ndi gulu zimene vidiyo iliyonse yatsopano izidzayamba nazo. Izi n'zofunika kwambiri pa matchanelo a mipingo, masukulu ndi mawayilesi a m'madera, kumene oponya mavidiyo amasinthanasinthana ndipo aliyense amadzaza mabokosi mmene waganizira. Chenjezo limodzi: mukaika zokhazikikazi, kumbukirani kuzisintha pa vidiyo imene yasiyana ndi zinzake, monga tsiku limene mwacheza ndi mlendo m'Chingerezi kapena m'Chitumbuka.

Amene ali ndi pulogalamu yomvera yokha, ya podikasiti, nkhani ndi yomweyi, kungoti zosankhazo zimalembedwa m'fayilo imene Apple Podcasts, Spotify ndi ena amawerenga. Kampani yosunga pulogalamu yanu imakulemberani kuchokera pa zimene mwasankha, ndipo zimaoneka motere:

```
<language>ny</language>
<itunes:category text="Education"/>
```

Kumeneko gulu ndi lolemera kuposa pa YouTube, chifukwa mindandanda ya mapulogalamu otchuka imakonzedwa potsata magulu ndi mayiko. Okamba za mpira asamale: pansi pa `Sports`, mpira wathu wamiyendowu ndi `Soccer`, pamene `Football` ndi wa ku Amereka uja wonyamula m'manja.

Musayembekezere kuti vidiyo yakale idzuka tsiku lomwelo. Mbiri ya anthu amene anaithawa ilipobe, ndipo makina amafuna oonera atsopano kuti asinthe maganizo. Mavidiyo ophunzitsa amakhala ndi mwayi wachiwiri chifukwa amafufuzidwa nyengo yake ikafika. Ya manyowa ija idzafunidwanso mu Okutobala ndi Novembala anthu akamakonza minda, ndipo ikadzapezeka ndi mutu wa Chichewa idzayamba kusonkhanitsa anthu ake. Phindu lalikulu lidzaoneka pa mavidiyo atsopano. Sinthani chilankhulo, gulu ndi mutu pa tsiku limodzi, mulembe tsikulo penapake, musakhudzenso kanthu kwa milungu inayi, kenako muyerekeze mayiko a oonera ndi nthawi imene akukhala pa vidiyo ndi mmene zinalili mwezi wapitawo. Chiwerengero cha oonera chikhoza kutsika poyamba, popeza odutsa aja asiya kubwera; nambala yoti muiyang'anitsitse ndi `Average view duration`.